Kutsimikiza makoefishenti a Fourier ndi lamulo la Parseval: chitsanzo cha siginolo ya makona ya mavoti 5

Ukamaliza kuwerengera makoefishenti a Fourier a siginolo, umakhala ndi mndandanda wa manambala omwe sangakuuze okha ngati ndi olondola. Pena wataya 2 penapake, pena wagawa ndi T pomwe umayenera kugawa ndi theka lake, koma manambalawo amaonekabe abwinobwino. Lamulo la Parseval limapereka njira yachidule yowayesera. Timawerengera mphamvu ya siginolo kawiri, koyamba kuchokera pa maonekedwe ake m'nthawi, kachiwiri kuchokera pa makoefishenti, ndipo mayankho awiriwo ayenera kufanana. Dzinali ndi la Marc-Antoine Parseval, katswiri wa masamu wa ku France, yemwe anapereka mfundoyi m'chaka cha 1799, Joseph Fourier asanatulutse ntchito yake ya 1807.

Tiyenda ndi siginolo imodzi kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto. Ndi siginolo ya makona, yomwe imakhala pa mavoti 5 kwa theka la nthawi, kenako n'kugwera pa 0 kwa theka linalo, n'kumabwereza choncho ka 1000 pa sekondi. Piriyodi yake T, kutanthauza nthawi yomwe imatenga isanayambirenso, ndi milisekondi imodzi.

```
x(t) = 5,   0 < t < T/2
x(t) = 0,   T/2 < t < T
T = 0.001 s,   f0 = 1/T = 1000 Hz,   ω0 = 2π/T
```

Ndasankha dala siginolo yoyambira pa 0 kufika pa 5, osati yofanana mbali zonse ngati ya +1 ndi −1. Yofanana mbali zonse ija avereji yake ndi ziro, ndiye imabisa zolakwika zonse zokhudza gawo losasintha la siginolo, pomwe ambiri amapunthwira pomwepo.

Gawo loyamba: dziwani chimene mukuyeza

Siginolo yobwerezabwereza siyitha, choncho enaji yake yonse ilibe malire. Mukati muphatikize enaji ya mapiriyodi onse, simudzafika pa nambala iliyonse. Chimene tingayeze ndi enaji ya piriyodi imodzi, kapena pawa ya avereji, yomwe ndi enaji ya piriyodi imodziyo yogawidwa ndi T. Ziwirizi zimangosiyana ndi T basi, koma sankhani chimodzi musanayambe ndipo mukakamire chomwecho mbali zonse ziwiri. Ine ndimakonda pawa ya avereji chifukwa T amasowa m'masamu onse, ndipo yankho silidalira fulikwense.

Pa maphunziro a masiginolo timachita ngati voteji ili pa rezisita ya omu imodzi, kotero pawa imangokhala avereji ya sikweya ya siginolo. N'chifukwa chake mayankho athu atuluka mu V², osati m'mawati. Tidzawatembenuza kukhala mawati tikasankha rezisita yeniyeni.

Gawo lachiwiri: werengerani pawa kuchokera m'nthawi

Yambani ndi mbali iyi, musanakhudze makoefishenti, kuti nambala yomwe mukuyesera nayo isatengere zolakwika za mbali inayo.

```
P = (1/T) ∫ x(t)² dt      (pa piriyodi imodzi)
P = (1/T) × 25 × (T/2) = 12.5 V²
```

Apa intigiro ndi yongotchula. Sikweya ya 5 ndi 25, ndipo imakhalapo kwa theka la piriyodi. Theka linalo ndi ziro. Avereji ndi 12.5. Enaji ya piriyodi imodzi ndi 12.5 kuchulukitsa ndi 0.001, yomwe ndi 0.0125 V²·s. Mukaika siginoloyi pa rezisita ya maomu 50, pawa ndi 12.5 kugawa ndi 50, kutanthauza mawati 0.25, ndipo piriyodi iliyonse imasiya majulu 0.00025 mu rezisitayo ngati kutentha. Voteji ya RMS, kutanthauza sikweyaruti ya avereji ya sikweya ya siginolo, ndi sikweyaruti ya 12.5, pafupifupi mavoti 3.54.

Lembani 12.5 pamwamba pa pepala. Zonse zotsatira tikuziyerekeza ndi nambala imeneyi.

Gawo lachitatu: pezani makoefishenti, ndipo lembani mtundu wa fomula womwe mwatenga

Mabuku samalemba mndandanda wa Fourier mofanana. Ena amaika a0 kutsogolo, ena a0/2. Onse ndi olondola, koma a0 wa buku lina ndi kawiri a0 wa buku linzake. Ife titenga uwu, momwe a0 ali avereji yeniyeni ya siginolo:

```
x(t) = a0 + Σ [ an cos(nω0t) + bn sin(nω0t) ],   n = 1, 2, 3, ...
a0 = (1/T) ∫ x(t) dt
an = (2/T) ∫ x(t) cos(nω0t) dt
bn = (2/T) ∫ x(t) sin(nω0t) dt
```

Avereji ya siginolo yathu ndi 2.5, choncho a0 = 2.5. Makoefishenti a kosayini onse ndi ziro. Mungaone izi musanachite intigiro: mukachotsa 2.5 pa siginolo, imatsala ikusinthana pakati pa +2.5 ndi −2.5, ndipo mbali ya kumanzere kwa t = 0 imakhala yotembenuzika poyerekeza ndi ya kumanja, monga momwe sayini amachitira. Kosayini alibe malo m'siginolo yotere.

Atsala a sayini. Popeza siginolo ndi ziro pa theka lachiwiri, intigiro imathera pa T/2.

```
bn = (2/T) ∫ 5 sin(nω0t) dt      (kuyambira 0 mpaka T/2)
   = (5/(nπ)) × (1 − cos(nπ))
```

Pamene n ndi 2, 4, 6 ndi ena ogawika ndi 2, cos(nπ) ndi 1, ndiye bn ndi ziro. Pamene n ndi 1, 3, 5, cos(nπ) ndi −1, m'mabulaketimo mumakhala 2, ndipo bn = 10/(nπ). Chigawo cha fulikwense ya n kuchulukitsa ndi f0 timachitcha hamoniki ya n. Hamoniki yoyamba, ya pa 1000 Hz, msinkhu wake ndi mavoti 3.183. Yachitatu, ya pa 3000 Hz, ndi 1.061. Yachisanu ndi 0.637.

Wina akaona 3.183 amadabwa: siginolo imangotalikira 2.5 kuchokera pa avereji yake, nanga bwanji hamoniki yoyamba ikupitirira pamenepo? Palibe cholakwika. Nsonga ya sayini woyambayo imadutsadi pamwamba pa denga la siginolo, ndipo hamoniki yachitatu imakhala pansi penipeni pa nthawi yomweyo, n'kuikokera pansi.

Gawo lachinayi: werengerani pawa kuchokera pa makoefishenti

Nali lamulo la Parseval mogwirizana ndi fomula yomwe tasankha:

```
P = a0² + (1/2) Σ (an² + bn²)
```

Pali zinthu ziwiri zofunika kuzimvetsa apa, chifukwa ukazimvetsa sufunikanso kuloweza fomula.

Choyamba ndi theka lija. Sayini wa msinkhu b akasikweyedwa amakwera kufika pa b² n'kutsika kufika pa ziro, ndipo avereji yake pa piriyodi yathunthu ndi b²/2. Gawo losasintha, a0, silikwera kapena kutsika. Sikweya yake ndi a0² nthawi zonse. Choncho theka limagwera pa mahamoniki okha, osati pa a0.

Chachiwiri ndi chifukwa chomwe tikuloledwa kungophatikiza. Ukasikweya chinthu chopangidwa ndi zigawo zambiri, pamatuluka sikweya ya chigawo chilichonse, komanso zochulukitsana za zigawo ziwiriziwiri, monga sin(ω0t) kuchulukitsa ndi sin(3ω0t). Zochulukitsanazo zilipo ndithu pa kamphindi kalikonse, koma pa piriyodi yathunthu mbali yake ya pamwamba imafafaniza ya pansi, avereji n'kukhala ziro. Zimatero pa mahamoniki awiri alionse osiyana, pa sayini ndi kosayini wa fulikwense imodzi, komanso pa a0 ndi hamoniki iliyonse. Zotsala ndi masikweya okhaokha. Ndi mfundo yomweyo ya Pythagoras: mbali zokumana pa kona ya madigiri 90 zimaphatikizana m'masikweya, kungoti pano mbalizo ndi zosawerengeka. Onani mawu oti "piriyodi yathunthu". Mukatenga piriyodi ndi theka, zochulukitsana zija sizifafanizika, ndipo lamulo siligwiranso ntchito.

Tsopano manambala. Gawo losasintha likupereka 2.5² = 6.25. Hamoniki ya n ikupereka theka la sikweya ya 10/(nπ), lomwe ndi 50/(n²π²). Kwa n = 1 ndi 5.0661, ndipo ena onse timangogawa nambala imeneyi ndi n².

| Chigawo | Pawa yake (V²) | Zonse mpaka pano (V²) | Peresenti ya 12.5 |
|---|---|---|---|
| a0 | 6.2500 | 6.2500 | 50.00 |
| n = 1 | 5.0661 | 11.3161 | 90.53 |
| n = 3 | 0.5629 | 11.8790 | 95.03 |
| n = 5 | 0.2026 | 12.0816 | 96.65 |
| n = 7 | 0.1034 | 12.1850 | 97.48 |
| n = 9 | 0.0625 | 12.2475 | 97.98 |

Yang'anani manambala a pa tebulo omwe ali pansi pa mutu woti "Zonse mpaka pano", kuchokera pamwamba kutsika. Manambala akukwera, akukwera pang'onopang'ono kwambiri akamayandikira 12.5, ndipo sakuidutsa. Umu ndi momwe makoefishenti olondola amakhalira. Chigawo chilichonse ndi sikweya, sichingakhale chochepera ziro, ndiye chiwerengero chonse sichingabwerere m'mbuyo. Ndipo popeza mathero ake ndi 12.5, sichingaipitirire panjira. Lamulo limeneli lili ndi dzina lakelake, la Bessel, koma ntchito yake ndi yosavuta: mukangoona zigawo zochepa zadutsa kale pawa ya m'nthawi, imani pomwepo, mwalakwitsa. Kuwonjezera mahamoniki sikungakonze zimenezo.

Gawo lachisanu: onani ngati chotsalacho ndi chomwe chiyenera kutsala

Apa ndi pomwe anthu ambiri amasiyira ntchito pakati. Amapeza 12.2475, amati "ili pafupi ndi 12.5", n'kutseka kope. Koma pafupi motani? Kusiyana kwa 0.2525 kutha kukhala mahamoniki omwe sitinawawerenge, kuthanso kukhala cholakwika chaching'ono cha 2 peresenti chomwe chabisala. Tiyenera kudziwa kukula kwa mchira wotsalawo.

Njira yoyamba ndi yotsekeratu nkhani. N'zodziwika kuti 1 + 1/9 + 1/25 + 1/49 + ... mpaka kalekale zimakwana π²/8. Tikachulukitsa ndi 50/π², π² amachoka, n'kutsala 50/8 = 6.25. Kuphatikiza ndi 6.25 ya a0 tikupeza 12.5 ndendende. Mbali ziwiri zagwirizana. Mutha kuyendanso chobwerera: ngati mumakhulupirira makoefishenti anu, lamulo la Parseval lakupatsani umboni woti mndandanda uja umakwanadi π²/8.

Si nthawi zonse pomwe mndandanda umakhala ndi yankho lodziwika chonchi, ndiye njira yachiwiri ndi yofunika kuidziwa: kuyerekeza mchira ndi intigiro. Pa manambala osagawika ndi 2 opitirira N, kuphatikiza 1/n² kumapereka pafupifupi 1/(2(N+1)). Ife tinaimira pa N = 9, ndiye mchira ndi pafupifupi 1/20, ndipo tikachulukitsa ndi 5.0661 tikupeza 0.2533. Chomwe chinatsala pa tebulo ndi 0.2525. Zagwirizana mpaka pa malo achiwiri pambuyo pa kadontho, kutanthauza kuti chosowacho ndi mchira basi, palibe china chobisala.

Fomula yomweyi imayankha funso lomwe omanga maseketi amafunsa: kodi ndilole mahamoniki angati kuti ndisunge 99 peresenti ya pawa? Tikufuna mchira usapitirire 0.125. Pa N = 19 mchira ndi pafupifupi 0.127, waphonya pang'ono. Pa N = 21 ndi pafupifupi 0.115. Choncho tiyenera kufika pa hamoniki ya 21, yomwe ili pa 21000 Hz. Taonani kudula kwake: a0 ndi hamoniki yoyamba yokha anatipatsa kale 90.5 peresenti, koma kuti tipeze 8.5 yotsatirayo tafunika kukulitsa fulikwense ka 21. Chifukwa chake ndi kulumpha kwa siginolo. Siginolo yolumpha mwadzidzidzi makoefishenti ake amachepa ngati 1/n, pawa zawo ngati 1/n², ndipo mchira ngati 1/N. Siginolo yopanda kulumpha koma yokhala ndi nsonga, monga yokwera ndi kutsika molunjika ngati mano a makona atatu, makoefishenti ake amachepa ngati 1/n², ndiye mahamoniki awiri kapena atatu amakwana.

Mayankho olakwika, ndi zomwe amatanthauza

Ubwino wa chitsanzochi ndi woti cholakwika chilichonse chimasiya nambala yakeyake. Mukaidziwa nambalayo mumapita molunjika pomwe pali vuto, osayambiranso masamu onse.

Mukapeza 18.75, mwaiwala theka pa mahamoniki: 6.25 kuphatikiza 12.5. Mukapeza 6.25, mwasiya a0, zomwe zimachitika kawirikawiri munthu akatenga makoefishenti pa tebulo la m'buku lomwe linalembedwera siginolo yofanana mbali zonse. Mukapeza 14.58, mwaphatikiza n aliyense, 2, 4, 6 omwe, pomwe makoefishenti awo ndi ziro. Pa kompyuta cholakwikachi chimabwera munthu akaiwala kuuza pulogalamu kuti izidumpha nambala imodziimodzi.

Nambala ya 31.25 ili ndi magwero awiri. Gwero loyamba ndi kusakaniza mabuku. Buku lolemba a0/2 limapereka a0 = 5, ndipo mukaika 5 ameneyo m'fomula yathu mukupeza 25 kuphatikiza 6.25. M'buku lotero chigawo choyamba cha Parseval ndi a0²/4, chomwe chimabwerera pa 6.25. Gwero lachiwiri ndi fomula yoloweza ya 4A/(nπ). A wa m'fomulayo ndi mtunda wochokera pa avereji kufika pamwamba, womwe kwa ife ndi 2.5. Mukaikapo 5, makoefishenti onse amakula kawiri, pawa zawo kanayi, ndipo mukupeza 6.25 kuphatikiza 25. Kuti musiyanitse ziwirizi, yang'anani zigawo pachokhapachokha. Pa choyamba a0 yekha wadutsa kale 12.5, pa chachiwiri hamoniki yoyamba yokha ikupereka 20.26.

Pali phunziro lina m'manambalawa. Popeza zonse zimasikweyedwa, kulakwitsa ndi 2 pa koefishenti kumaoneka ngati 4 pa pawa. Choncho mukaona mbali ina yakula kanayi kapena yachepa kanayi, funani 2 wotayika, kawirikawiri pa 1/T ndi 2/T.

Siginolo yomweyo m'makoefishenti a cn

Ambiri ogwira ntchito ya masiginolo salemba sayini ndi kosayini padera, amagwiritsa ntchito mtundu uwu, momwe n amayenda mbali zonse, pansi pa ziro ndi pamwamba pake, ndipo j ndi sikweyaruti ya −1:

```
x(t) = Σ cn e^(jnω0t),   n = ..., −2, −1, 0, 1, 2, ...
P = Σ |cn|²
c0 = 2.5
cn = −j 5/(nπ)   (n wosagawika ndi 2)
```

Theka lasowa m'fomula ya pawa, koma silinapite kutali. Hamoniki iliyonse yagawika pawiri, pa +n ndi pa −n, aliyense ndi theka la msinkhu. Sikweya ya 5/π ndi 2.5330, ndipo awiri otere akupereka 5.0661, nambala yomwe ija ya pa tebulo.

Zolakwika za mtundu uwu ndi ziwiri. Mukaphatikiza ma n a pamwamba pa ziro okha, mahamoniki amapereka 3.125 m'malo mwa 6.25, ndipo yankho limakhala 9.375. Nambala yomweyi imatulukanso m'fomula ya sayini ndi kosayini munthu akaika theka pa a0² pomwe silifunika, ndiye mukaiona dziwani kuti theka la chigawo china latayika. Cholakwika chachiwiri n'chochititsa chidwi: kusikweya cn yemwe m'malo mwa kukula kwake |cn|. Popeza j² = −1, hamoniki iliyonse imatuluka yochotsera, zonse pamodzi −6.25, ndipo pawa yonse imakhala ziro. Siginolo yomwe ikutenthetsa rezisita singakhale ndi pawa ya ziro. Mwaiwala timizere tiwiri tija.

Kuyesa pa kompyuta

Mizere inayi ya Python ikukwana kufika pa hamoniki ya 99:

```python
import numpy as np
n = np.arange(1, 100, 2)
b = 10 / (np.pi * n)
print(2.5**2 + 0.5 * np.sum(b**2))
```

Yankho ndi pafupifupi 12.4747. Mchira womwe fomula yathu ikulosera pa N = 99 ndi 5.0661/200 = 0.0253, ndipo 12.5 kuchotsa 12.4747 ndi 0.0253 yomweyo.

Pali kuyesa kwina komwe kumaoneka kwamphamvu koma kuli ndi msampha. Munthu amadula siginolo m'timadontho 1000, n'kuipatsa FFT, njira yachangu yomwe kompyuta imawerengera makoefishenti a Fourier:

```python
N = 1000
x = np.where(np.arange(N) < N // 2, 5.0, 0.0)
c = np.fft.fft(x) / N
print(np.mean(x**2), np.sum(np.abs(c)**2))
print(2 * abs(c[1]), 10 / np.pi)
```

Mzere woyamba wosindikiza upereka 12.5 mbali zonse, kupatula mwina kanyenyeswa ka kumapeto kwenikweni. Musasangalale nazo kwambiri. FFT imasunga lamulo la Parseval pa manambala alionse omwe mungaipatse, ngakhale ongolota, choncho kugwirizana kumeneko kukungotsimikiza kuti mwagawa ndi N moyenera. Mukaiwala kugawako, mbali ya kumanja imakula ka N², kutanthauza ka miliyoni. Makoefishenti omwe munawerengera pamanja sanayesedwe konse pamenepo. Mzere wachiwiri ndi womwe ukuwayesa, chifukwa ukuika 10/π wanu pambali pa zomwe kompyuta yapeza, ndipo zonse ziwiri ndi 3.183. Pa mahamoniki apamwamba musayembekezere kufanana kotere. Pa n = 99 FFT ipereka 0.0327 pomwe fomula ikupereka 0.0322, chifukwa mahamoniki opitirira theka la timadontho tija amapindikira m'mbuyo n'kudzawonjezeka pa apansi.

Kuyesa ndi mita

Ngati muli ndi jenereta ya masiginolo ndi mita ya voteji, mutha kuona lamuloli ndi maso. Ikani siginolo ya makona ya 0 mpaka mavoti 5. Mita ikakhala pa DC iwerenga 2.5, yemwe ndi a0. Mukaitembenuzira pa AC, mamita ambiri amatsekereza gawo losasintha ndi kapasita n'kuyeza mahamoniki okha, ndipo mita yolembedwa True RMS iyenera kuwerenga pafupifupi 2.5, sikweyaruti ya 6.25 ija. Musaphatikize 2.5 ndi 2.5 kuti mupeze 5. Sikweyani iliyonse, phatikizani, mupeza 12.5, ndipo sikweyaruti yake ndi 3.54.

Mita ya AC ikawerenga 2.78, ndiye kuti si ya True RMS. Mamita otere amayeza avereji ya siginolo yowongoledwa n'kuchulukitsa ndi 1.11, nambala yomwe ndi yolondola pa sayini yekha. Ikawerenga mochepera 2.5, monga 2.3 kapena 2.4, mwina ikulephera kuona mahamoniki apamwamba. Mita yomwe ikuona hamoniki yoyamba yokha ingawerenge sikweyaruti ya 5.0661, yomwe ndi 2.25. Tsitsani fulikwense ya jenereta kufika pa 100 Hz muone ngati nambala ikwera.

Zomwe lamuloli silingaone

Kugwirizana kwa mbali ziwiri sikutanthauza kuti makoefishenti onse ndi olondola. Sikweya imameza chizindikiro: +1.061 ndi −1.061 amapereka pawa yofanana. Mukatembenuza chizindikiro cha hamoniki yachitatu, siginolo yomwe mungajambule ikhala yosongoka pakati, yosafanananso ndi ya makona, koma Parseval apereka 12.5 yomweyo. N'chimodzimodzi mukalemba kosayini pomwe pamayenera kukhala sayini. Chitsanzo chabwino ndi kusuntha siginolo yathu ndi kota ya piriyodi kuti denga lake likhale pakati pa t = 0. Makoefishenti onse amasamukira ku kosayini, ndi zizindikiro zosinthana: +10/π, −10/(3π), +10/(5π). Wina akalemba onse ndi chizindikiro chophatikiza, walakwitsa, koma pawa siyisintha ngakhale pang'ono.

Ndiye onjezani kuyesa kwachiwiri komwe kumamva zizindikiro: sankhani nthawi imodzi yomwe mukudziwa yankho lake, muike m'mndandanda. Pa siginolo yathu yoyamba tengani t = T/4, pakati pa denga, pomwe yankho liyenera kukhala 5. Pamenepo sin(nω0t) amasinthana +1, −1, +1 kwa n = 1, 3, 5.

```
x(T/4) = 2.5 + (10/π)(1 − 1/3 + 1/5 − 1/7 + ...)
       = 2.5 + (10/π)(π/4) = 5
```

Ngakhale ndi zigawo zochepa mukuona komwe zikulowera: 5.68, kenako 4.62, kenako 5.26, kenako 4.80, kulumpha uku ndi uku mozungulira 5. Chizindikiro cha hamoniki yachitatu chikanakhala cholakwika, nambala yachiwiri ikanakhala 6.74, ndipo mndandanda wonse ukanathera pa 7.12. Musasankhe t = 0 kapena t = T/2. Pa malo olumphira mndandanda umapereka pakatikati, 2.5, ndipo masayini onse ndi ziro pamenepo, choncho simuphunzirapo kanthu.

Malire ena ndi oti pawa yotsala ikachepa sizitanthauza kuti chithunzi chafanana paliponse. Mukajambula mahamoniki mpaka 99, pomwe pawa yosowa ndi 0.2 peresenti yokha, muonabe kansonga pafupi ndi polumphira paliponse, kokwera pafupifupi 9 peresenti ya kulumphako, kutanthauza mavoti 0.45 pamwamba pa 5. Iyi ndi nkhani yotchedwa ya Gibbs. Mukawonjezera mahamoniki kansongako kamaonda n'kusunthira kufupi ndi polumphira, koma msinkhu wake sutsika. Popeza kakuonda, enaji yake imapita ku ziro, ndipo Parseval sakaona. Ngati chomwe chikukudetsani nkhawa ndi kutentha kwa rezisita kapena kukula kwa fyuluta, tebulo la pawa lija likukwanirani. Ngati nkhawa ndi voteji yapamwamba kwambiri yomwe kachipangizo kangapirire siginolo ikadulidwa mahamoniki mwadzidzidzi, werengerani 5.45, osati 5.